Mayi wa M'buku Langa Alibe Dzina

Cape Town

Okondedwa achemwali a Eluby,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kodi mwendo uja waleka kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Foni yanu inandipeza ndikusita malaya kuntchito. Mutanena kuti amayi atisiya, ndinayika simbi pansi n'kukhala pa ndowa. Bwana anandilola kuweruka, koma ndinalibe kopita. Mapepala anga mukuwadziwa: ndikatuluka m'dziko muno, sindilowanso. Munawayika m'manda ine ndikumvera nyimbo pafoni.

Pali nkhani ina imene sindinakuuzeni bwino. Buku lija ndakhala ndikulemba, osindikiza ena a ku Blantyre analilandira. Akulifuna mwezi uno usanathe, apo ayi malo anga apereka kwa wina. Lonse latha, kupatula chinthu chimodzi. Mayi amene nkhani yonse ikukamba za iye alibe dzina.

Ndi mayi wa kwathu ku Milepa, wa mtundu wathu wa Chilomwe, wobadwa dziko lisanalandire ufulu. Amalima nandolo, amapemphera kutchalitchi cha ku Mbombwe, ndi wapakamwa koma wachifundo. Kumapeto kwa buku amamwalira.

Amene ankandithandiza kumufunira dzina ndi amayi, Lamulungu lililonse pafoni. Poyamba ndinamutcha Fiona. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Anati Fiona ndi mtsikana wa mu ofesi ku Limbe, sangapalire nandolo. Nditanena Thandie ndi Blessings, anati amenewo ndi ana a m'nthawi ya matipati, ndipo anandifunsa ngati ndinaonapo gogo wopanda mano dzina lake Blessings.

Ndinayesa Anastazia. Anati ameneyo ndi wobatizidwa kwa ansembe, owerenga adzadabwa kumuona ku Mbombwe wopanda korona m'khosi. La Abiti Shabani anati ndi dzina labwino, koma ndikatero ndamusandutsa Myao wa Chisilamu, ndiye kuti banja lake lonse ndi mapemphero ake ndilembenso. Dzina loti Mavuto analikana ndithu. Anati dzinalo limanena kuti pakhomo panali misozi mwanayo pobadwa, ndipo wowerenga adzadikira kuti ndimuuze kuti panagwa chiyani, pamene m'buku langa mulibe zimenezo. Ellina linatsala pang'ono kulowa, koma m'bukumo muli kale mlamu wake Edina, ndipo mayina awiriwo amafanana moti ine ndemwe ndinkawasokoneza powerenga mokweza.

Anandiphunzitsanso china chimene sindinachipeze m'mabuku onse ndawerenga. Anati mayi wamkulu satchulidwa dzina wambawamba. Mwamuna wake azimuitana amake a Robert, anansi chimodzimodzi. Dzina lenileni lizituluka m'kamwa mwa mkulu wake yekha, mwina pokalipa, mwina polira. Ndinakonza buku lonse motero. Tsopano dzinalo likufunika malo ochepa chabe, koma ndi malo amene nkhani yagona.

Ulendo womaliza tinalankhula, anati akumbukira mnzawo wina amene anavinidwa naye limodzi, mkazi wokalipa ngati wa m'buku langayu, koma dzina lawathawa. Anati alifunafuna m'mutu, andiuza Lamulungu. Lamulungu limenelo ndi limene munandiimbira inu.

Achemwali, ndayesa ndekha. Dzina lililonse ndimalitchula mokweza, ngati ndikuitana munthu ali kutsidya kwa munda, monga amayi anandiuzira. Limodzi lokha ndi limene limayankha: Dainesi, dzina la amayi athu lomwe. Msinkhu ukugwirizana, mpingo ukugwirizana, ngakhale kuseka kwake. Ndinalilemba m'mutu womaliza, pamene mkulu wake akumuitana pa mphasa iye osayankha. Ndinalephera kumaliza mzerewo. Sindingathe kuwaphanso amayi ndi dzanja langa, ndipo inu simungawerenge tsamba limenelo.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa amayi aakulu a Enelesi, muwafunse mayina a atsikana amene anavinidwa pamodzi ndi amayi. Mupite m'mawa, mutu wawo usanatope. Ndikudziwa munati pamaliro sanakuzindikireni, ankakutchani Dainesi. Sindikuyembekezera zambiri. Koma a msinkhu umenewo atsala okhawo, ndipo akapanda kukumbukira, palibenso wina womufunsa. Zikatero, osindikiza ndidzawauza kuti asandidikire. Kumupatsa mayi wa m'buku uja dzina longotola, loti amayi akanaliseka, sindingathe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a Denis, ndi kwa ana onse. Muthokoze amayi a kumpingo amene anagona pamaliro. Amayi aakulu muwagwire dzanja m'malo mwanga, ngakhale asadziwe kuti ndine yani.

Kuno kwatsala buku lathunthu, ndipo paliponse pamene mayi uja akuitanidwa ndi mkulu wake pali kamzere kopanda kanthu.

Ndine mlongo wanu wakutali,
Chikhulupiriro