Mlandu wa Usipa wa Susana

Metangula, Lago

Achimwene a Luis,

Susana mkazi wa Beni. Ndayamba ndi dzina lake kuti lichoke msanga pakamwa panga, moni wanu ndisampereke ndi mate owawa. Muli bwanji ku Nampulako, inu, alamu ndi ana? Kuno amayi ali bwino, mwendo wokha ndiwo ukuwavutabe.

Munamva kale kuti Susana anandikuwiza kumathandala oyanikira nsomba, anthu ali yadiyadi, kuti ndine ndinaba usipa wake umene anayanika pafupi ndi wathu. Kuyambira tsikulo ndikafika amayi anzanga ankakokera madengu awo kumapazi. Kutchalitchi anandiuza kuti ndiyambe ndapuma kuwerenga mawu a Mulungu. Ine, wakuba usipa!

Ndinachita monga munanenera pa foni. Ndinapita kupolisi, koma anandibweza ati kutukwanana kuyambe kwamveka kubwalo la kumudzi. Ati ku tiribunali, khoti la boma lija, mlandu wonyozedwa umayenda ndi mwini wake, pamafunika womuimira wodziwa malamulo, ndipo miyezi imatha. Ndinabwerako ndikutukwana njira yonse.

Bwalolo linakhala pakhonde la ofesi ya sekeretariyo, mlembi wa mudzi. Oweruza asanu osankhidwa ndi anthu anakhala pabenchi, amfumu pampando wawo pambali, ongomvera. Wotsogolera anali mayi Esitere, aja anabwera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Anayamba ndi kutifunsa ngati tingagwirizane tokha. Ndinayankha kuti ndikanatha kugwirizana ndi njoka sindikanavala nsapato kubwera kuno. Anthu anaseka, iwo ayi.

Ndiye ndinaona kuti mmodzi wa oweruzawo ndi a Samisoni, amalume ake enieni a Beni. Mukundidziwa. Ndinaimirira nkufunsa ngati masiku ano mbale amaweruza mlandu wa m'nyumba ya mphwake, ndi kuti chilungamo chotere tinachiphunzira m'buku liti kusukulu.

Achimwene, zimene zinachitika pamenepo mpaka lero sindiziiwala. A Samisoni, munthu wa imvi uja, amene asodzi amavula chipewa akamadutsa, ananyamuka pabenchi paja. Anavula jekete, natsika pakhonde, nakhala pansi pamchenga pakati pa mboni. Anati mtsikanayu wanena zoona, iwo sayenera kuweruza, koma kuchitira umboni angathe. Anati m'mawa wa tsiku limene usipawo unasowa anaona Beni akukweza matumba a usipa m'boti lopita ku Likoma. Anakhala chete nthawi yonseyi poganiza kuti mwanayo aulula yekha, koma ati tsopano manyazi awo akula kuposa a mphwawo.

Beni anangoyang'ana zala zakumapazi. Susana anatembenuka nkumuyang'anitsitsa. Iyenso sankadziwa kuti anatenga usipawo ndi mwamuna wake yemwe.

Ine magazi atatentha ndinapempha kuti Susana agwade padzuwa monga ankachitira kale. Mayi Esitere anakana. Anati bwalo ili siligwaditsa munthu, silimanga, silikwapula. Mphamvu zake ndi kudzudzula poyera, kulipiritsa pang'ono, kapena kupereka ntchito yothandiza mudzi, ndipo mlandu wa magazi kapena wa ndende amautumiza kuboma. Anati dzina langa silingayere ndi maondo a munthu wina.

Anagamula kuti mawu akabwezedwe pamene anatulukira. Susana akaime kumathandala nthawi ya msika, anene yekha kuti anandinamizira, kenako asese pagombe mlungu wonse. Atagamula choncho anatifunsa aliyense payekha ngati tikuvomera, ati wokana njira ya ku tiribunali ndi yotsegula, palibe angamuletse.

Apa ndiye pali pempho langa. Ndinavomera. Ndikudziwa munati ndisalole zakumudzi, ati kumeneko amaweruza nkhope, ndipo mkazi ndiye amasenza zonse. Simunaname kwenikweni. Beni, mwini chipwirikiti chonsechi, anachoka akuyenda bwinobwino, poti nsombazo ndi za m'nyumba mwake ndipo palibe anamusumira. Zimenezi zikundiwawabe. Koma chonde, musatumize munthu wanu wa malamulo uja munati adzandiimira ku tiribunali. Mukatero, mudzakhala mwauza a Samisoni kuti anakhala pamchenga pachabe.

Dzulo Susana anaima kumathandala, mayi Esitere ali pambali pake. Ananena mawuwo motsitsa, iwo nkumuuza kuti pondinamizira sananong'one. Anabwereza mokweza, mpaka a m'mabwato anatembenuka. Lamulungu likubwerali ndikuwerenganso mawu kutchalitchi.

Musaganize kuti ndamukhululukira. Bwalo silinandilamule zimenezo. Moni ndimamuyankha, koma mchere akapemphe kwina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti Mulungu akusungeni, ndipo ine ndikuti ameni. Za Susana zathera m'kalata ino. Mukadzabwera musadzandifunse, sindidzazinenanso.

Ndine mlongo wanu,
Arlete