Ndinalemba "Ukwati" Pofuna Kungowerengera, Mkulu wa ku Shimabala Wakhulupirira

Lachinayi, 17 Julayi 2025

Epulo 1 mpaka 30, nditasankha "zongocheza": ondikonda 58, ondilembera 31.
Meyi 1 mpaka 30, nditasankha "sindinadziwe": ondikonda 34, ondilembera 19.
Juni 1 mpaka 30, nditasankha "ukwati": ondikonda 9, ondilembera 4.
Onse pamodzi: ondikonda 101, ondilembera 54.

Aphungu,

Manambala ali pamwambawa ndi anga. Ndine mayi wamasiye wa zaka 66. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34 kuno ku Kafue, ndipo amuna anga anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mu Marichi ndinatsegula pulofailo pa apu ina ya pafoni yopezerapo abwenzi. Ana anga sakudziwa, ngakhalenso amayi anzanga a kumpingo.

Apuyo imafunsa kuti, "Mukufuna chiyani?" Mayankho ndi atatu, ndipo limene mwasankha limaoneka m'munsi mwa chithunzi chanu. Munthu sangakulembereni pokhapokha nonse awiri mutakondana zithunzi. Ine posadziwa yankho langa, ndinachita zimene ndinkauza ana a sukulu: yesani chilichonse, lembani zotsatira. Yankho lililonse ndinalipatsa masiku 30, chithunzi osasintha, ndipo aliyense wondikonda ndinkamukondanso kuti ndione zimene alembe.

Mu Epulo ambiri anali a msinkhu wa ana anga. Wina ndinamuzindikira kuti ndinamuphunzitsapo, ndipo ndinamutsekera msanga. Mu Meyi aliyense ankawerenga "sindinadziwe" momukomera. Ofuna zocheza ankati ndine wawo koma ndikuchita manyazi, ofuna banja ankati andikopa pang'onopang'ono. Mu Juni foni inangoti zii. Mwa anayi amene analemba, awiri anayamba kunditchula "mkazi wanga" tsiku loyamba lomwe n'kupempha thandizo, mmodzi anali ndi mkazi kunyumba.

Wachinayi ndi ba Ackson, a zaka 70, nawonso amasiye, alimi a repu ndi tomato ku Shimabala. Anandilembera pa 3 Juni. Kuchokera tsiku limenelo andipatsa moni m'mawa uliwonse, masiku 45 osadumphitsa. Takumana kasanu masana pafupi ndi msika, ndipo kanayi anafika iwo poyamba.

Chimene chandizizwitsa n'ichi. Tsiku loyamba kukumana anandifunsa kuti, "Zaka ziwili nili kusakila, imwe simunaonekepo. Munali kuti?" Ndinati ndinalipo kuyambira Marichi. Atanditsegulira foni yawo ndinaona kuti anaika sefa yoti azionetsedwa okhawo amene asankha ukwati. Miyezi yonse ija foni yawo inkandidumpha ngati kulibe munthu, chonsecho imati tatalikirana makilomita 11 okha. Mwinanso repu amene ndadya zaka zonsezi ndi wa m'munda mwawo. Ndinaphunzitsa kuti nambala imodzi ikasintha yankho lonse limasintha, koma sindinaganizepo kuti liwu limodzi lingabise munthu wamoyo n'kumuvumbulanso.

Lamulungu lapitali anafufuta pulofailo yawo ine ndikuona. Anati Loweruka la pa 26 atumiza ang'ono awo ndi asuweni awo kukaonana ndi alongo anga. Nditati tisathamange, anaseka: "Ba ticha, munalemba chikwati, naine ninalemba chikwati. Pa zaka zathu izi, tiziyembekeza chani?"

Aphungu, sindinawauze kuti liwulo ndinalisankha pofuna kumaliza chiwerengero changa. Lidakalipo pa pulofailo yanga mpaka lero. Ndikawauza, ndikuopa kuti adziona ngati kanthu koyesera, ndipo moni wa m'mawa uja utha. Ndikakhala chete, abale awo abwera chifukwa cha liwu limene sindinalinene ndi mtima wonse. Nditani?

M. J. P.
Nangongwe, Kafue

Mayi M. J. P.,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo nane ndagoma. Kale pankafunika ankhoswe ndi maulendo angapo kuti zidziwike ngati munthu akufuna banja. Lero liwu limodzi lagwira ntchito yonseyo, n'kukutulutsirani munthu mmodzi pa anthu 101.

Koma tiyambe ndi cholakwa. Munayesa anthu osawauza. Liwu la pa pulofailo ena amalitenga ngati lonjezo, ndipo ba Ackson adikira zaka ziwiri akulikhulupirira. Akana amayi ambiri osawaona n'komwe chifukwa cha sefa ija. Tsono akuyenera kumva zoona kuchokera pakamwa panu, abale awo asanakwere minibasi.

Musanapite kukawauza, yang'ananinso manambala anu, pakuti pali imodzi imene simunailembe. Epulo munamupatsa masiku 30, atatha munasintha. Meyi chimodzimodzi. Juni anatha pa 30, inu mwalemba pa 17 Julayi, ndipo "ukwati" udakalipo. Mayi amene amadziwa kuti mkulu uja anafika poyamba kanayi pa kasanu sangaiwale masiku 17. Sindikuti mwasankha kale. Ndikuti dzifunseni chimene chala chanu chakanira kusintha.

Khalani pansi ndi pepala, mulembe chiganizo chimodzi m'mawu anuanu, osati a apu. Mayankho atatu aja ndi opanikiza. "Sindinadziwe" ndi yankho laulemu likakhala loona, koma lisamakhale lokha: muzinena chimene simunadziwe. Kodi ndi ukwati weniweniwo, ndi munthuyo, kapena ndi kusiya nyumba yanu ya ku Nangongwe? Mwina chiganizo chanu chikhala chakuti, "Ukwati ndikuufuna, koma ndikusowa miyezi itatu." Mwina chikhala china. Chikhale choona basi.

Kenaka aimbireni ba Ackson mukumane lisanafike Lachitatu, maso ndi maso. Tengani mndandanda wanuwo, muwaonetse wonse, ndi Epulo yemwe. Pepesani popanda kuzungulira, ndipo muwawerengere chiganizo chija. Pemphani kuti ulendo wa Loweruka uyambe waima, koma mutchule tsiku limene mudzawayankhe. Mlimi amadziwa kudikira mbewu akauzidwa nyengo yake. Chimene sangapirire ndi kudikira kopanda tsiku.

Mukachoka pamenepo, pulofailo yanu igwirizane ndi zimene mwanena. Iwo afufuta yawo. Yanu ikakhalabe poyera, ikuitanabe ena. Ibiseni kapena ifufuteni. Zikadzakanika n'kubwererako, mudzasankhe yankho limodzi loona, n'kuwonjezapo mzere wanu wolifotokoza.

Chenjezo langa ndi ili: liwu loti "ukwati" silitsimikiza khalidwe la munthu. Mwaona nokha kuti atatu mwa anayi analigwiritsa ntchito ngati nyambo. Ba Ackson akuoneka olongosoka, komabe ana anu ndi alongo anu awadziwe, inunso mukaone kwawo masana muli ndi mnzanu, ndipo mukambe poyera za kumene mudzakhale. Dziwaninso kuti angakhumudwe n'kuchoka. Umenewo ndi ufulu wawo, ndipo ndi bwino achoke tsopano kusiyana n'kudzazimva atakulowetsani m'nyumba.

Chiwerengero changa ndi ichi, aphunzitsi. Okukondani 101. Okulemberani 54. Wotsala mmodzi. Moni 45. Masiku amene simunawawerenge, 17. Mayankho amene mwayesa ndi atatu, koma limene ba Ackson sanamvebe ndi limodzi, lanu.

Ndine mphungu wanu,
Gwendolyn