Kalata ya kwa mayi a Mabuleki

Lolemba, 4 Malichi
A Mabuleki, dalaivala wathu, atisiya dzulo. Mtima. Kapu yawo ikadali pawindo, palibe akuikhudza.

Lachiwiri, 5 Malichi
Bwana alemba kalata yachipepeso m'Chingerezi, mizere isanu ndi umodzi. Akuti, "Mayi ake samva Chingerezi. Iwe umachitha chiyankhulo chanu, mphindi khumi basi." Ine ntchito yanga ndi yasitolo, kuwerenga matayala.

Ndayamba liwu ndi liwu. Zatuluka: "Tili achisoni kwambiri ndi kutaya kwanu. Iye anali katundu wofunika wa kampani." Ndawawerengera amayi otiphikira tiyi. Akuti, "Ataya chani, makiyi? Nanga 'iye' ndi mwana wako?"

Ndang'amba.

Lachitatu, 6 Malichi
Maliro ndi lero, tonse tinapita. Kalata ilibe. Bwana sanafunse, angondiyang'ana.

Lachinayi, 7 Malichi
Ndayambiranso. Chingerezi chikungoti "kwa banja". Ine ndayamba ndi mayi, kenaka akazi awo, ana, abale onse. "Iye" yense wasanduka "iwo". "Kutaya" ndachotsa, ndaika "Pepani ndi zovuta zakugweranizi." Pamene bwana akuti maganizo athu ali nanu, ndalemba "Tikulira nanu limodzi." Maganizo okha sakhala pamphasa.

Katundu uja wandivuta. Ndakafunsa bwana chimene ankatanthauza, poti sindingawaikire mawu m'kamwa. Atembenuzatembenuza cholembera. Kenaka akuti, "Zaka khumi ndi chimodzi, madzulo alionse akanditula kunyumba ankadikira mpaka ndilowe pageti, ndiye n'kumapita. Sindinamuuzepo kuti azitero."

Ndati, "Ndilembe zomwezo?" Akuti lemba. Ndawabwezera kalata yonse m'Chingerezi kuti amve chimene akusainira. Asaina, kenaka kufunsa ngati matayala afika.

Lachisanu, 8 Malichi
Matayala sanafike.

Loweruka, 9 Malichi
Ndapita nayo kalata ija kunyumba kwa malemu. Kachipinda kodzaza, mipando ili panja. Mayi a malemu ali pansi, atsamira khoma. Achimwene awo a malemu akuti ndiwerenge ndine, iwo magalasi aiwala.

Ndinakonzekera kuwerenga ngati chidziwitso cha msonkhano. Zinayenda mpaka pa za pageti paja. Pamenepo ndinalekeza. Ndinanamizira chifuwa, wina anandipatsa madzi.

Nditamaliza, mayi aja akuti, "Ineyonso ankanditero. Ngakhale ndikupita kwa aneba." Atenga pepala, alipinda kanayi, aliika m'thumba la bulauzi.

"Mwananga, abwanawo ukawayankhe m'Chingerezi chawocho. Uli ndi cholembera?"

Ndinali nacho. Ndatsegula kabuku, kudikira. Ndimayembekeza tsamba lathunthu.

"Ulembe kuti ndamva."

"Basi, amayi?"

"Basi. Koma ukalembe bwino."