Ndinayamikira m'chiuno mwa alamu anga, akana kundiperekeza pa ukwati

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ukwati wanga watsala milungu itatu.

Wodzandiperekeza pa tsikulo anali alamu anga, akazi a achimwene. Ndi amene anandilera kuyambira ndili fomu wanu. Mwezi watha tinapita kwa telala kukayesa madiresi, ife awiri ndi anzanga atatu. Alamu atavala lawo, linawakhwepa. Telala anachita kutsina nsalu kumbuyo, mapini ali kukamwa.

Ine ndinafuula, "Eee, alamu! Mimba ija yapita kuti? M'chiuno ngati mtsikana wa sukulu! Achimwene achenjere. Tiuzeni chinsinsi!" Ndinawagwira m'chiuno n'kuwatembenuza kuti anzanga aone. Onse anaseka.

Alamu anachotsa manja anga n'kunena chapansipansi, "Thupi langa ulisiye." Anavula diresi, ulendo. Madzulo kunabwera meseji yoti ndipeze wina wondiperekeza.

Ndinapsa mtima, Aphungu. Munthu kumuyamikira, iye n'kukuyalutsa pamaso pa telala? Ine sindikhululuka msanga. Msuweni wanga anandiuza pagulu kuti ndanenepa, chaka chachiwiri chino sindimuyankhula. Ndiye milungu iwiri yathunthu moni wa alamu ndimayankha ndi mphuno.

Dzana achimwene anandiyitanira m'galimoto. "Iwe, pakamwa pakopo! Alamu ako anali oyembekezera, miyezi inayi. Anapita padera kutatsala milungu itatu kuti mupite kwa telala. Sakudya. Ndicho chinsinsi umafunacho."

Taganizani, Aphungu. Ndinafunsa mayi wotaya mwana kuti mimba yapita kuti, anthu akuseka! Komatu ndikanadziwa bwanji, poti sanandiuze? Kodi kuyamikira munthu ndi mlandu tsopano? Ndipange bwanji?

T.M.

Mwanawe T.M.,

Kuyamikira si mlandu. Koma ukuti sunadziwe, ndipo nkhani yagona pomwepo. Thupi la munthu likasintha, chifukwa chake sichilembedwa pachipumi. Wina wawonda ndi matenda, wina ndi nkhawa, wina wanenepa ndi mankhwala. Ukamayamikira kuwonda, mwina ukuombera m'manja tsoka la mwini wake.

Tsono yamikira chimene munthu wasankha yekha: mtundu wa nsalu, kalukidwe ka tsitsi, ndolo, nsapato. Ukanati, "Alamu, buluu ameneyu akukukhalani," bwenzi atamwetulira. Mawu otero amatama nzeru zake. Za m'chiuno, mimba, khungu ndi msinkhu uzisiye.

Usayerekeze ndi kale. "Mimba ija" ikutanthauza kuti masiku onsewa umaiona n'kumaiseka mumtima. N'chimodzimodzi ndi "lero ndiye mwatchena": nanga dzulo anali chiyani?

Usamatirepo funso. Mawu akuti "Chinsinsi n'chiyani?" amakakamiza munthu kunama kapena kuulula zake pagulu. Nena mawu ochepa, motsitsa, kwa iye yekha, manja ako ali kwa iwe. Akati zikomo, sintha nkhani. Akangoti zii kapena kuyang'ana kumbali, leka, usachite kubwereza kuti amve. Ndipo za "achimwene achenjere" zija zinasandutsa thupi lawo nthabwala.

Tsopano kukonza. Yamba wafunsa achimwene ako ngati alamu akudziwa kuti iwe wauzidwa. Ngati sakudziwa, achimwene ako akawauze okha, iwe usakawadzidzimutse. Kenako pita wekha kwa alamu ako, nthawi imene kulibe alendo. Ukanene kuti, "Alamu, ndinayankhula za thupi lanu, ndinakugwirani pagulu, kenako ndinakusungirani mkwiyo. Ndinalakwa. Pepani chifukwa cha mwana." Basi. Mawu akuti "komatu ndimangoyamikira" uwasiye pakhomo pamodzi ndi nsapato. Anzako atatu aja usawafotokozere kanthu pofuna kudziyeretsa, nkhaniyi ndi ya alamu ako.

Za diresi usazitchule. Mwina sangathe kuyima kutsogolo tsiku lonse anthu akuwayang'ana, ndipo zimenezo si chilango kwa iwe. Akafuna kukuperekeza adzanena okha. Akakana, uwasungire mpando pafupi nawe.

Chenjezo langa ndi ili: akapanda kukukhululukira tsiku lomwelo, usafufume. Msuweni wako wadikira zaka ziwiri chifukwa cha mawu amodzi onena za thupi lako. Iwe ululu umenewu umaudziwa bwino. Ukamachoka kwa alamu ako, umuimbire foni.

Aphungu