Mawu a Mmwenye

2 Disembala 1918

Fuluwenza yalowa m'nyumba. A Enos, amuna anga, thupi moto. Nkhondo ya utengatenga inawabweza amoyo kuti adzagwere pamphasa yanga. Kwathu ku Kasungu kutali, kuno ku Embangweni ndilibe mbale. M'mawa ndinadziuza mokweza: "Ndine Mable, ndine wolimba." Zinandifikitsa kuchitsime. Mawu odziuza wekha amagwira ngati mphamvuyo ilipo kale pang'ono.

4 Disembala

Akapuma akuti "Ramu", akapumanso "Ramu". Anaphunzira kwa msilikali wachimwenye kunkhondo. Tanthauzo sanafunse. Anandiuzapo kale: "Sukupempha kanthu, Mable. Mawu amangoyenda ndi mpweya, maganizo n'kusowa polowera, katundu n'kupepuka." Akamatero chifuwa chimatsika.

5 Disembala

Kwabwera a Matthews, mkulu wa mpingo. Anaima pakhomo, nsalu kumphuno. Anamva "Ramu" uja. "Mama, ilo ndi dzina la fano. Akafa nalo pakamwa, mbwenu pamaliro palibe nyimbo." Kenaka anatipatsa mawu a mzungu wina wa m'buku: "Wolimba mtima sagona pansi." Abwino kwa anyamata oumba njerwa dzuwa likutuluka. Kwa munthu wolephera kumeza phala ndi chipongwe. Ndinati yewo. Ndinkafuna kuwaponyera chipande.

6 Disembala

Ndawaletsa a Enos. Akayamba, ine dzanja pakamwa pawo, n'kuyamba pemphero. Maliro opanda nyimbo, ngati a galu? Ayi.

8 Disembala

Sagona. Akuona mitembo ya m'njira, akukuwa kuti kapitawo akubwera ndi chikoti. Ndati anene "Atate wathu". Afika pakati, mpweya watha, alira kuti Mulungu amva theka. Pemphero limafuna mutu woti ulunzanitse mawu, ndi mtima wodikira yankho. Ine landithandiza, chifukwa ndili ndi wokangana naye, Mulungu mwini. Lero ndamufunsa: munawapulumutsiranji ku zipolopolo? Ndinatula zakumtima.

"Ndine wolimba" ndayesanso. Bodza lenileni, mpaka ndinadziseka.

9 Disembala

A Matthews ati ndachita bwino chomene. Iwo usiku amagona.

11 Disembala

Masana. Milomo ikugwedezeka, mawu osatuluka. Maso ali pa dzanja langa, akuliopa. Mwamuna amene anasenza mabokosi a azungu mpaka kumalire a Ajeremani, kuopa dzanja la mkazi wake! Ndinalibisa kumbuyo. Ndinagona pambali pawo, n'kuyamba ineyo. Akakoka mpweya, "Ramu". Akatulutsa, "Ramu". Nkhope inamasuka. Sindikudziwa tinatha nthawi yotani.

Chithunzithunzi pakhomo. A Matthews. Anakhosomola kuti ndileke. Sindinatembenuke.

13 Disembala

Tawaika dzulo. Nyimbo panalibe. Anthu ochepa, makasu okhaokha kumveka. Ati Lamlungu ndikaonekere pamaso pa akulu a mpingo, ndikanene kuti ndalapa. Ndikanena kuti ndalapadi, koma osati za tsiku lija ndinawanenera "Ramu". Za masiku aja ndinawatseka pakamwa.