Bokosi lopalidwa m'kati

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi kukupatsani moni. Kodi muli bwanji kumeneko, nanga msana uja ukukulolani kugona? Ine kuno ndili bwino. Amene sali bwino ndi achimwene, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi. Pafoni ndimachita manyazi, mawu amandithawa.

Ntchito ikuyenda. Ndikadali pashedi pomwe achimwene amakhoma mabokosi a maliro. Iwo ndi madala eni shedi amakhoma, ine ndimasoka nsalu yoyera yoika m'kati. Makina anga ali pakona, pafupi ndi zenera, koma utuchi umafikabe mpaka m'tsitsi.

Chilonda cha kuphazi kwa achimwene chija, chimene anati ndi msomali chabe, sichinapole. Zala ziwiri zada bii, ndipo m'chipinda mwawo mwayamba fungo. Adokotala ati ndi matenda a shuga, ndipo mwendo uyenera kudulidwa m'munsi mwa bondo mwezi uno usanathe. Akapanda kutero, kuolako kulowa m'magazi. Achimwene akana.

Musaganize kuti akana chifukwa cha mantha. Akuyankhula modekha, mwinanso akuseka. Ndilemba mmene ananenera, kuti mukabwera musadzadzidzimuke.

Pashedi pano bokosi timalipala kunja kokha. M'kati timasiya matabwa okhakhala, nsalu yanga n'kubisa. Achimwene anandifunsa ngati chiyambireni ntchito ndinaonapo mwini bokosi atabwera kudzadandaula kuti thabwa likumukanda. Anati chinthu chimakhala choipa kwa munthu ngati akuchimva, monga ululu, njala kapena manyazi. Wakufa samva chilichonse. Iwo akadalipo ndiye kuti imfa sinafike, ndipo ikadzafika iwo kudzakhala kulibe. Anati iwo ndi imfa ali ngati alonda osinthana, wina akamalowa mnzake watuluka, sakumana n'komwe. Koma macheka a adokotala, amenewo adzawamva. Ndiye athawirenji chosapweteka n'kuthamangira chopweteka?

Ndinabwerera pamakina. Anandiseka kuti Kachetechete wagonja, monga amanditchulira. Koma mawuwo anandikhala pamtima, ndinasoka nawo mpaka kusokonezera mpendero.

Pepani Amayi, nditchula nkhani imene simuikonda. Mawa lake ndinawakumbutsa za sukulu yanga. Nditamaliza pulayimale ndinasankhidwa kupita ku sekondale, aphunzitsi anauza amalume, amalume n'kungokhala chete kuti ndiziwalerera ana. Zaka zonsezo sindinadziwe. Ndinkadya, ndinkaseka, palibe pamene pankandiwawa. Ndinafunsa achimwene ngati sindinalandidwe kanthu, poti sindinamve. Paja ndi iwo omwe anakwiya kwambiri zitaululika, mpaka anasiya kuwayankhula amalume. Ndinati choipa si chokhacho chimene chimapweteka. Chinanso ndi kumanidwa chabwino chimene ukanakhala nacho. Imfa mwina siluma, koma imalanda.

Anasiya kukhoma n'kundiyang'ana. Anati ndayankhula zanzeru, koma ndaiwala chimodzi. Ine ndinalipo, mtsikana wamoyo wotunga madzi a amalume pamene anzanga ali m'kalasi, wolandidwayo ankaoneka ndi maso. Nanga iwo akafa, wolandidwayo adzakhala ndani, ndipo adzalandidwa liti? Asanafe sanalandidwe kanthu, atafa palibe munthu woti n'kumulanda. Anati wakuba sangabe m'nyumba imene kulibe.

Ndinatola thabwa limene madala anadula molakwitsa, linafupika. Ndinati thabwali ndi lalifupi, koma simungaloze malo amene kufupikako kuli. Mumadziwa poliyerekeza ndi mmene likanakhalira. Ndinati wolandidwayo ndi iwo omwewa amene akhala pabenchi, chifukwa moyo wawo ndi umene udzathere panjira, m'malo mofika pomwe ukanafika.

Iwo anabweretsa china. Anati asanabadwe kunapita zaka zosawerengeka iwo kulibe, ndipo palibe tsiku analirapo chifukwa cha zimenezo. Kusakhalapo kwa m'tsogolo kukusiyana pati ndi kwa m'mbuyoko? Apa anayankha ndi madala, amene nthawi yonseyi ankanola tchizulo ngati sakumva. Anati mwana iwe usatipusitse, usanabadwe unalibe ntchito imene unaiyamba, unalibe mwana wokutchula kuti ababa. Amene akanabadwa kalekale akanakhala munthu wina, osati iwe. Koma amene angakalambe ndi mwendo umodzi ndi iwe yemwe. Anawonjezera kuti ngati akufuna kufa ayambe wamaliza mabokosi a anthu, asawasiyire ntchito. Tonse tinaseka, ine ndinaganiza kuti tapambana.

Amayi, sitinapambane. Achimwene anati chabwino, avomera, imfa ndi yoipa chifukwa cha zimene imalanda. Koma ngati zili choncho, kuipa kwake kumalingana ndi katundu amene yapeza. Kwa mwana wamng'ono imalanda zambiri. Kwa munthu amene kwangomutsalira zowawa, silanda kanthu, mwinanso imamupeputsa. Ndiye anandiuza kuti ndiwawerengere zimene idzapeze kwa iwo. Mmisiri wosatha kuima pabenchi. Mlamu wanga, mkazi wawo, anachoka kale. Mwana wawo ali kwa agogo ake akuchikazi, chichokereni sanamuone, mwina nkhope ya bambo ake anaiiwala. Anati wakuba akalowa m'nyumba mwawo adzatuluka akuwamvera chisoni.

Ndinafuna kunena kuti Mulungu alipo, koma mukuwadziwa, kutchalitchi anasiya kalekale. Ndinafuna kunena kuti ife tidzalira. Anandidula kuti kulirako n'kwathu, iwo akufunsa za iwo eni. Ndipo sindinafune kuwanamiza. Nzeru imene ndinabwera nayo ija anailandira, n'kuitembenuza kuti iloze kwa ine. Tsopano nkhani yatsala pamodzi pokha: kodi kutsogoloku kuli chabwino chawo chimene imfa ingawalande? Ine ndikuti chilipo. Koma pakamwa pokha sakhulupirira.

Dzulo masana madala atapita kukagula misomali, ndinaona achimwene atakhala pampando, mwendo ataukweza pachitini, akupala matabwa. Anali kupala mbali zonse ziwiri, mosamala, n'kumasisita ndi chikhatho. Palibe amene anaitanitsa bokosi limenelo. Utali wake ndinauzindikira, unali wa iwo eni. Ndinawafunsa chifukwa chake akupala m'kati, poti mwini wake sadzamva. Anangoti ndidule nsalu yabwino, osati yotsala.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa apongozi awo, mukawagwire mwendo, akubwerekeni mwanayo mubwere naye kuno. Ndikudziwa kuti munasiyana nawo moipa, ndipo kupita kumeneko kukuwawani. Koma mukawauze kuti si za ukwati, zimenezo zinatha. Mwanayo asadzanene chilichonse, musamuphunzitse mawu. Angodzaima pakhomo la shedi, bambo ake aone mmene wakulira, aone kuti zaka zikubwerazi muli kanthu. Ngati atamuona adzakanabe, ine ndilibenso china. Chonde musadikire kukolola, phazilo silikudikira.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa ana onse. Amalume nawonso muwapatse moni, koma za kalatayi musawauze.

Nsalu ija ndadula, chifukwa sindinathe kuwakanira. Ndaipinda, ili pansi pa makina. Ulusi sindinalowetse m'singano, ndipo sindilowetsa mpaka mutafika.

Ndine mwana wanu wokukumbukani,
Mzime wanu