Dzina Lodulidwa ndi Pensulo Yofiira

Lachiwiri, 15 Disembala 1959

Manyazi lero. A Halimatu, otiphikira tiyi kuntchito kwathu kosindikiza mabuku ku Limbe, andipeza m'sitolo yosungiramo katundu ndikuyeserera mawu othokoza a paphwando la Loweruka, dzanja pachifuwa, ndikulalikira mitolo ya mapepala. Akuti, "Pitirizani a Morris, amenewo ndiwo amamva Chizungu cha kukoleji." Tsamba loyamba ndang'amba. Ndilankhula Chinyanja, bwana wathu wachizungu ndiziwamasulira.

Lachitatu, 16 Disembala

Bwana andipatsa mphindi zisanu, pepala aone kaye. Mwambo wathu: umatchula aliyense, kuyambira mkhalakale pantchito, n'kunena chimene wachita, iye aimirire timuombere m'manja. Mkhalakale ndi a Yona, osanja zilembo, amene anamangidwa mu Malichi, mpaka lero. Bwana adula dzinalo ndi pensulo yofiira. "Zandale ayi." Akutinso mu Januwale alemba wina pamalo pawo.

Lachinayi, 17 Disembala

Akazi a Yona, a Angelina, afika kunyumba wapansi kuchokera ku Chirimba. Tiyi makapu atatu, nkhani za mvula. Potsanzika: "Ndamva kuli kutchula mayina." Ine maso padenga.

Lachisanu, 18 Disembala

Ndafafaniza "tonse tagwira ntchito molimbika". Mawu otere sathokoza munthu. Ndazungulira kufunsa amene anachita chiyani. A Chester anaphunzira kusanja pabokosi la zilembo la a Yona, zilembo zozondoka mwezi wathunthu. A Waziri amapukuta makina awo ndi a a Yona omwe. A Halimatu amapita ndi ufa ku Chirimba. Chilichonse chothokoza chaka chino chili ndi a Yona m'kati. Ndiwadumpha bwanji?

Loweruka, 19 Disembala

Ndinayamba ndi kuvomera kuti chaka chatipweteka, osakometsa. Kenako mayina, mmodzimmodzi, ndi ntchito yake. Zozondoka za a Chester anthu anaseka mpaka kutsokomola. Pomaliza ndinati, "Watsala mmodzi. Anatiphunzitsa tonse, n'chifukwa chake palibe buku lachedwa. Malo awo tawasunga ndi manja athu. A Yona, zikomo." Ndinamasuliranso, osabisa liwu.

Woimirira palibe. A Waziri anadzuka, kenako onse. Bwana anatsala okha pampando, kaliwo wa fodya m'manja, mpaka nawonso anadzuka. Potuluka bwana anati: "Morris, zija zinali mphindi khumi. Bokosi la a Yona lija lisiyeni, sitilemba wina mpaka Pasaka." Anthu awa sindidzatha kuwathokoza.

Lamulungu, 20 Disembala

A Angelina abweranso, atamva kale zonse kwa a Halimatu. Akuti ndinene ndekha. Ndanena. "Ayi achimwene, muimirire ngati dzulo." Ndaimirira pakhonde panga, nkhuku zikundiyang'ana, kawiri konse. Tiyi wina. Dzuwa litapendeka apempha pepala lija, la mzere wofiira, akawasungire bambo. Alipinda, alimanga pansonga ya chitenje, n'kuuyamba wa ku Chirimba.